Mawu Amodzi, Pakamwa Posiyana

Ku America kuli mawu achingerezi oyamba ndi chilembo N omwe sitiwalemba pano. Azungu ankawagwiritsa ntchito potukwana anthu akuda kuyambira nthawi ya ukapolo, womwe unathetsedwa mu 1865. Ankamveka pamsika wogulitsira anthu, ndiponso pamene gulu lachiwembu likupachika munthu wakuda pamtengo.

Zidzukulu za akapolo aja zinawatola mawuwo, kuwasintha katchulidwe kumapeto, n'kumaitanirana ngati kunena kuti "m'bale wanga". Mnyamata wakuda akamuitana mnzake motero, onse awiri akudziwa kuti chipongwecho chimawagwera limodzi, choncho palibe amene akudzikweza. Mzungu akawatchula, ngakhale akumwetulira, womvayo sangadziwe ngati ndi chikondi kapena ndi chidani chakale chija, pakuti amene akulankhulayo mawuwo sanamulasepo.

Ngakhale eni akewo sagwirizana. Katswiri wa nthabwala Richard Pryor anawasiya atacheza ku Kenya mu 1979, ndipo mu 2007 bungwe la NAACP linachita mwambo wa maliro a mawuwa mumzinda wa Detroit. Koma mkanganowo ndi wa pabanja pawo.

Ife timadziwa za chisuweni. Msuweni wako akhoza kukunena kuti ndiwe mbuzi, nonse n'kuseka. Mlendo akabwereza mawu omwewo, pabuka mlandu. Achinyamata athu amene amawamva m'nyimbo za hipihopu n'kumaitanirana pamsewu ayenera kudziwa magazi amene mawuwa anyamula. Kufanana khungu sikutipatsa ufulu wosewera ndi chilonda chomwe mbiri yake sitikuidziwa.