Mneni Samvera Dzina Loyandikana Naye, Amvera Mwininkhani

Pali ulesi wina umene wafala m'zidziwitso za pa sukulu, za kumpingo ndi za pa wailesi, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Chipata ndi ku Tete. Wolemba amayamba chiganizo ndi dzina la chinthu chimodzi, n'kulitsatiza mawu ambirimbiri ofotokozera, ndipo pofika pa mneni amakhala ataiwala kumene anachokera. Basi amangogwirizanitsa mneniyo ndi dzina limene lili pafupi. Akadzudzulidwa amati, "Bola zamveka." Koma sizimveka ayi.

Nachi chidziwitso chokhomedwa pa chitseko cha ofesi ya mphunzitsi wamkulu: "Mndandanda wa mayina a ana omwe alemba mayeso chaka chino asowa." Kholo lowerenga mawu amenewa mtima uyenera kulidumpha, pakuti "asowa" akuloza ana kapena mayina awo. Chimene chasowa ndi pepala chabe, ndipo mneni woyenera ndi "wasowa". Chilembo chimodzi chasandutsa kutayika kwa pepala kukhala kusowa kwa ana.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Wolemba aphimbe ndi chala mawu onse a pakati pa dzina loyamba ndi mneni, kenaka awerenge zotsalazo mokweza. "Mndandanda asowa" khutu la Mchewa aliyense likana pomwepo. Palinso mboni yachiwiri, ndiyo kamawu kaumwini kotsatira dzina loyamba. Kamawu kameneka kamaulula mgwirizano wa mwininkhani chiganizo chisanatalike. "Gulu la alimi a fodya a ku Kasungu ndi ku Mchinji" lifuna "lafika", osati "afika". "Chiwerengero cha odwala m'zipatala za m'boma lino" chifuna "chakwera", osati "akwera" kapena "zakwera".

Mboniyi ili ndi malire ake. "Wa" amatsatira dzina la munthu ndi la chinthu lomwe, choncho "mwana wa alimi akubwera" koma "mndandanda wa alimi ukubwera". Ulemu nawo sungawerengedwe cholakwa: "Agogo afika" ndi Chichewa changwiro ngakhale agogowo ali amodzi, chifukwa "a" wa ulemu wayambira pa mwininkhani mwiniyo, sanabwerekedwe kwa dzina lapakati.

Ena amaumirira kuti gulu ndi anthu ambiri, kotero "afika" akutsata tanthauzo. Ngati wolemba akufuna kunena za anthuwo, njira ilipo: awaike patsogolo, alembe "Alimi a m'gululi afika." Chimene sangachite ndi kuyamba ndi gulu n'kumaliza ndi alimi, pakuti pamenepo wowerenga sadziwa ngati lafika ndi bungwe lonse kapena alimi ochepa okha. Wolemba amene alephera kusunga dzina limodzi m'mutu kufikira pa mneni afupikitse chiganizo chake, asamasenzetse wowerenga ntchito yolosera.