Ufa wa chammwamba ndi chakudya, tiugulitse ngati chakudya

Ambirife pano pakoleji tili ndi kageni kopezera sopo ndi ndalama yosindikizira manotsi. Ine ndimagulitsa ufa wa masamba a chammwamba womwe azakhali anga amasinja kumudzi. Nditayamba, mawu otsatsira sindinawaganize ndekha. Ndinangokopera pa WhatsApp ya munthu wina: umachiza shuga, umatsitsa bipi, umatsuka magazi, ulibe vuto lililonse chifukwa ndi wachilengedwe. Malonda anayenda ndithu.

Tsiku lina madzulo mayi ena a kumpingo kwathu anandiimbira foni. "Mwanawe, ufa uja wandiyanja, mutu unasiya. Kodi mapilisi a kuchipatala aja ndingasiye tsopano?" Ndinachita kakasi. Ine ndikuphunzira zauphunzitsi, makina oyezera bipi sindinawagwirepo, koma mayiwa amafuna kusiya mankhwala potengera mawu omwe ndinalemba. Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, chonde musasiye, mukafunse kaye kuchipatala." Usiku womwewo ndinafufuta zonse.

Choopsa cha kuthamanga kwa magazi nchakuti nthawi zambiri sikumveka m'thupi. Munthu atha kumadziona ngati ali bwino pamene makina akuwerenga manambala okwera, ndipo akasiya mankhwala angadzazindikire atafa kale ziwalo. Kusiya kwa mutu sikutanthauza kuti bipi yatsika. Choncho kasitomala akanditumizira uthenga woti wachira, sindingauike pa malonda ngati chitsimikizo. Ife a mpingo tinazolowera kulemekeza umboni wa munthu, ndipo mwina nchifukwa chake timakopeka msanga. Koma mayi aja ankamwa ufa ndi mapilisi nthawi imodzi, ndipo mwina anachepetsanso mchere. Chinawathandiza nchiti? Iwo sangadziwe, inenso sindingadziwe.

Tsopano chiganizo chilichonse ndisanachilembe ndimadzifunsa kuti, wogula atandiuza kuti ndimuonetse, ndingamuonetse chiyani? Ndikalemba kuti paketi ndi ya magalamu 100, sikelo ilipo. Ndikalemba kuti muli masamba okhaokha oumitsidwa pamthunzi, ndinaona ndi maso anga. Tsiku losinjira ndimalidziwa. Zoti masambawa ali ndi ayironi, kashiamu ndi mapuloteni nzodziwika, ngakhale kuti supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu awiri kapena atatu chabe, kotero singalowe m'malo mwa mbale ya ndiwo. Nanga "kutsuka magazi" ndingaonetse bwanji? Magazi ake akuda ndi chiyani, ndipo tiyeza pati kuti ayera? Ntchito yosefa magazi ili kale ndi eni ake, impso ndi chiwindi.

Lero pa malonda anga pamalembedwa izi: ufa wa masamba a chammwamba, magalamu 100, wosasakaniza ndi kanthu, tsiku losinjira lili papaketi, thirani supuni yaing'ono m'phala kapena m'ndiwo, sungani pouma, ichi ndi chakudya, si mankhwala, amene muli pa mankhwala kapena ndinu oyembekezera funsani kaye achipatala. Sindinatchule dzina la matenda ngakhale limodzi. Mukangotchula nthenda, ngakhale mutazembera ndi mawu oti "umathandiza a shuga", wodwala amamva kuti wapeza mankhwala.

Anzanga ogulitsa mafuta a malambe kapena odzola a alovera, nkhani ndi yomweyi. Kunena kuti mafuta amafewetsa khungu louma nzoona, wogula aona yekha. Kunena kuti amathetsa zipere kapena kufufuta zipsera m'masiku 7 ndi lonjezo la mankhwala. Ndipo ngati mafuta odzolawo mumakapikula m'chibotolo chopanda chizindikiro, musalembe kuti ndi achilengedwe okhaokha, poti zomwe zili mkatimo simukuzidziwa. Mafuta ena oyeretsa khungu amapezeka ndi mankhwala amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu akadzoledwa nthawi yaitali.

Ena amandiuza kuti ndikudzipha ndekha, chifukwa wa pafupi akulonjeza matenda khumi pa paketi imodzi. Sindikana, malonda anga anatsikako. Ena amati makolo athu akhala akugwiritsa ntchito zitsamba kuyambira kale. Zoona, ndipo mankhwala ena a kuchipatala anachokeradi ku zomera, monga kwinini wochokera ku khungwa la mtengo. Koma kwinini anayezedwa mlingo wake ndi kuopsa kwake. Paketi yanga palibe anaiyeza. Dziko lino lili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala ndi katsatsidwe kake, ndipo amene akukhulupirira kuti chinthu chake chimachiza akayambire kumeneko, osati pafoni.

Mayi aja akugulabe paketi imodzi mwezi uliwonse, amathira m'phala la adzukulu. Mapilisi sanasiye, ndipo ndikakumana nawo pa Sabata ndimawafunsa ngati anapita kukayezetsa.