Womasulira si MANEB, asiyeni magiredi a mwana momwe alili

Pagulu pano tili ndi anzathu odziwa zilankhulo, ndipo ena mumapezerapo ya sopo pomasulira mapepala a anthu ofuna ntchito kapena sukulu kunja. Bizinesi ndi bizinesi, inenso wanga ndi msika. Koma pali chizolowezi chimene ndikufuna tikangane nacho sabata ino. Munthu akakutumizirani chithunzi cha satifiketi yake ya MSCE kuti muyiike mu Chipwitikizi, ena mwa inu mumasintha magiredi kuti afanane ndi a dziko lomwe pepalalo likupita, n'kumati mwamuthandiza. Ine ndikuti mwamupha, ndipo mwachita ntchito imene palibe anakutumani.

Tonse tikudziwa momwe MSCE imayendera. Magiredi ake ndi 1 mpaka 9. Wani ndi thuu ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndiye kulephera. Nambala ikamachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri, n'chifukwa chake wa mapointi 6 amatchulidwa pa wailesi. Ife tinakulira momwemo moti timaona ngati dziko lonse limawerenga choncho. Ayi ndithu. Mukangodutsa pa Zobue kulowa ku Mozambique, sukulu zimapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 20, ndipo wokhoza amayambira pa 10. Ku South Africa mayeso a matiriki ali ndi milingo 1 mpaka 7, ndipo 7 ndiye wapamwamba, pomwe kwathu 7 ndi pasi yongopulumukira. Ku England, GCSE kuyambira 2017 inayamba kugwiritsa magiredi 9 mpaka 1, ndipo 9 wawo ndi mwana wanzeru zoopsa, pomwe 9 wathu ndi uja amabwereza folomu 4. Nambala yomweyo, nkhani zosiyana.

Ndiye vuto lilipodi, sindikukana. Bwana wa ku Tete akaona "Masamu 2" popanda womufotokozera, aganiza kuti mwanayo anapeza 2 pa 20, n'kuponya pepalalo kumbali. Funso ndi lakuti vutoli alithetse ndani, ndipo motani.

Mwana wa mchemwali wanga ankafuna ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Tete, ndipo anamuuza kuti mapepala ake akhale mu Chipwitikizi. Magiredi ake ndi awa: Chichewa 1, Masamu 2, Agirikacha 2, Chingerezi 3, Bayoloje 4, Jogalafe 5, Fizikisi 7. Anajambula satifiketi pa foni n'kutumizira mkulu wina amene amamasulira pa mtengo wotsika. Mkuluyo, mwa ufulu wake, anatembenuza magiredi onse. Chichewa anachipatsa 19, Masamu 18, Fizikisi 11, ena onse chimodzimodzi. Kenako anamufunsa mtsikanayo kuti anakhoza ndi mapointi angati. Maphunziro ake asanu ndi limodzi abwino kwambiri akaphatikizidwa, 1 ndi 2 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi 5, akupanga 17. Mkulu uja analemba 17 pansi ngati chiwerengero chomaliza cha mwanayo.

Taonani kaye 17 ameneyo. Kwa munthu wa ku Mozambique, 17 ndi mwana wochita bwino kwambiri pa 20, choncho zinangochitika mwangozi kuti bodzalo linaoneka lokongola. Koma njira yomweyo muyiike pa mwana wa mapointi 8, amene kuno aphunzitsi ake amamunyadira chaka chonse. Pepala lake likanena kuti 8, kumeneko ndi wolephera. Wa mapointi 30 ndiye sakwananso n'komwe pa sikelo yawo. Njira imene ikukweza wapakati n'kugwetsa katswiri si kumasulira, ndi juga.

Nanga 18 wa Masamu uja anamutenga kuti? Pa satifiketi palibe malikisi, pali giredi basi. Palibe angayang'ane giredi 2 n'kudziwa kuti mwana analemba bwanji pepala lake, ndipo chifukwa choti akhale 18 osati 17 kapena 16 chinali m'mutu mwa mkuluyo yekha. Ku kampani kuja anaika chithunzi ndi chomasuliracho pambalipambali, monga amachitira aliyense wolandira mapepala. Kuno 2, uko 18. Kuno kulibe 17, uko alipo. Munthu wa mu ofesi safunika kudziwa Chingerezi kuti aone kuti manambala sakugwirizana, ndipo akaona zotero saganiza za womasulira wachifundo. Amaganiza kuti mwini pepala ndi tambwali. Mtsikanayo anabwezedwa, ndipo dzina limene linada ndi lake, osati la mkulu uja.

Chimene chinayenera kuchitika n'chosavuta. Womasulira amamasulira mawu, manambala amawasiya. Masamu akhale 2, Fizikisi akhale 7. Ngati pepalalo lili ndi ndime yofotokoza tanthauzo la magiredi, imene pa mapepala ambiri a sukulu imakhala pansi kapena kuseri, ndimeyo imasuliridwe yonse, chifukwa ndiyo mfungulo ya nkhani yonse. Ngati palibe, womasulira awonjezere mzere umodzi pansi, wolembedwa poyera kuti ndi ndemanga ya womasulira, wonena kuti pa mayeso awa magiredi amayenda 1 mpaka 9, 1 ndiye wapamwamba, 8 ndiye wotsiriza mwa okhoza, 9 ndi kulephera. Basi. Bwana uja tsopano atha kuwerenga 2 molondola, ndipo palibe chimene mwapeka.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe. Muti kumasulira si kukopera mawu, ndi kufikitsa tanthauzo, ndipo tanthauzo la 2 kwa Mpwitikizi ndi 18. Pa ndakatulo ndikuvomerezani, pamenepo tambasukani momwe mungathere, sinthani mwambi ndi mwambi unzake. Koma satifiketi ndi umboni. Ili ngati lisiti la katundu pa chipata: ndikagula nsalu ndi ndalama za ku Mozambique, sindifufuta mtengo pa lisiti n'kulembapo makwacha a m'mutu mwanga. Lisiti limakhala momwe lilili, wosintha ndalama ndi wina, ndipo ali ndi mtengo wake wa tsikulo. Pa maphunziro osinthawo alipo. Ku South Africa ndi SAQA, ku Britain ndi UK ENIC, ndipo ku Mozambique boma lili ndi ofesi yake yofananitsa masatifiketi akunja ndi awo. Amenewo ndiwo ali ndi mphamvu yonena kuti MSCE ikufanana ndi chiyani kwawoko, ndipo kuti agamule amafuna kuona magiredi enieni. Mukawapatsa osinthidwa kale, mwawalanda chogwirira ntchito.

Chimodzimodzi dzina la satifiketi. Kwathu mwana amaphunzira zaka 8 ku pulaimale ndi 4 ku sekondale, zonse 12, ndipo ku Mozambique sekondale imathera kalasi ya 12. Chiyeso chimabwera choti mungolemba kuti iyi ndi satifiketi ya kalasi 12. Musatero. Kufanana kwa zaka sikukupatsani udindo wogamula kuti mapepala awiriwo ndi amodzi. Dzina la MSCE likhale momwe lalembedwera, tanthauzo la mawu ake mu Chipwitikizi likhale pambali.

Mawu amene amapusitsa kwambiri ndi kirediti. Mu Chipwitikizi muli mawu omveka chimodzimodzi, koma iwo amanena ngongole, kapena muyeso wa maphunziro amene wophunzira wa ku yunivesite amasonkhanitsa akamamaliza makosi. Womasulira waulesi akangoika mawu ofananawo pambali pa 4, wowerenga atha kumva kuti mwanayo anasonkhanitsa makirediti anayi mu Bayoloje, nkhani imene kulibe. Kirediti ya MSCE ndi gulu la kakhozedwe, pakati pa disitinkishoni ndi pasi. Mawuwo asiyidwe momwe alili pa pepala, afotokozedwe kamodzi mu ndemanga ija. Pasi nayo ili ndi msampha wake. Mukaimasulira ndi mawu ongotanthauza kuti wakhoza, wowerenga adabwa kuti nanga maphunziro ena aja, opanda mawu amenewo, sanakhoze?

Tsopano inu eni mapepala, nanunso muli ndi mlandu pa chithunzi. Mumajambula usiku, pepala lili pa bondo, kuwala kwa foni kukunyezimira pa pulasitiki imene munamatira satifiketi, kenako n'kutumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimene chimafika chitachepetsedwa. Pa chithunzi chotero 1 ndi 7 amafanana, 3 ndi 8 amafanana. Pa MSCE kusiyana kwa 1 ndi 7 ndi kusiyana kwa disitinkishoni ndi pasi. Jambulani masana, pepala litagona pa tebulo, ngodya zonse zinayi zikuoneka, kutsogolo ndi kuseri, ndipo tumizani ngati dokyumenti kuti lisaphwanyike. Kuposa apo, pitani nalo akalisikane. Womasulira weniweni akakumana ndi chidindo kapena siginecha yosawerengeka amalemba kuti apa pali chidindo chosawerengeka, ndipo ikakhala giredi amakubwezerani kuti mujambulenso. Amene sanakufunseni kalikonse pa chithunzi chachimbuuzi, dziwani kuti walota.

Dzina nalo asalikonze. Ambirife tili ndi L pa satifiketi ndi R pa pasipoti, kapena dzina la agogo kuno, la bambo uko. Womasulira akopere momwe zilili pa satifiketi, chilembo ndi chilembo. Kusiyanako kumakonzedwa ndi kalata yolumbira kwa loya kapena kwa majisitireti, osati ndi cholembera cha womasulira. Ndipo chidindo cha loya pa fotokope chimangotsimikiza kuti fotokopeyo ikufanana ndi pepala lenileni, sichinena kanthu za kumasulira. Maofesi ambiri akunja amafuna womasulira wolumbira, wovomerezeka kwawoko, amene amasaina ndi kudinda kuti ayankhe mlandu zikalakwika. Funsani kaye kumene pepala likupita kuti akufuna zotani musanalipire aliyense. Kumene amalandira Chingerezi, MSCE sifunika kumasulira n'komwe, ingofunika mzere uja wofotokoza magiredi.

Mtsikana uja analipira kachiwiri kwa womasulira wolumbira ku Tete komweko. Pepala latsopano linatuluka ndi 2 wake pa Masamu, 7 wake pa Fizikisi ndi mzere umodzi pansi, koma pofika nalo malo aja anali atapatsa kale wina. Mkulu woyamba uja atauzidwa anangoti, "Inetu ndimafuna zioneke bwino," ndipo ndalama sanabweze. Ngati ali pagulu pano, kapena wina amene amachita zomwezo, bwerani mutiuze kuti 18 uja munamupeza bwanji.