Zilembo 30 ndi pulambala wa ku Lirangwe

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro ntchito zimasowa, ndiye timayamba tiganyu tolembera anthu amabizinesi mauthenga otsatsa malonda pa intaneti. Ganyu ina imene imaoneka yophweka ndi yolemba malonda a pa Google, aja amatuluka pamwamba munthu akafufuza chinthu. Ndi mawu ochepa kwambiri, moti wina akhoza kuwalemba ali m'minibasi. Koma ine ndimaona kuti apa ndi pamene ophunzira bwino timaonongera anthu ndalama, chifukwa tinazolowera kuti kulemba bwino ndi kukometsera mawu.

Tiyerekeze kuti wabwera kwa inu ndi pulambala amene amakhala ku Lirangwe, pa msewu wa M1 kupitirira Lunzu, ndipo amagwiranso ntchito ku Chileka. Malamulo a Google Ads ndi awa: mutu uliwonse usapitirire zilembo 30, ndipo mzere uliwonse wofotokozera usapitirire zilembo 90. Mpata wa pakati pa mawu nawonso umawerengedwa ngati chilembo. Mumalemba mitu yosachepera 3 mpaka 15, ndi mizere yofotokozera 2 mpaka 4. Pa imeneyi, Google imasankha yokha mitu yosapitirira itatu ndi mizere yosapitirira iwiri n'kuionetsa kwa wofufuzayo, m'ndondomeko imene yafuna. Choncho mutu uliwonse uyenera kumveka pawokha, chifukwa simudziwa kuti ukhala pafupi ndi uti.

Chimene wophunzira amathamangira kulemba ndi ichi:

```
Best Plumbing Services Malawi
```

Zilembo 29, zakwana bwinobwino, ndipo pulambalayo akaona amasangalala poona kuti dzina lake lamveka ngati kampani yaikulu. Koma pa malonda amenewa munthu amalipira nthawi iliyonse wina akadina uthengawo, kaya wodinayo wamupatsa ntchito kaya ayi. Mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe amene chimbudzi chake chatsekeka, uthengawo ukamufika, alibe chomuletsa kudina, popeza walonjezedwa Malawi yense. Pulambala wathu walipira, koma sakwera basi kupita ku Lilongwe kukatsegula chimbudzi. Mawu oyamba aja onena kuti ndi katswiri woposa onse adya zilembo zisanu pamodzi ndi mpata wake, osauza wowerenga kanthu, poti palibe pulambala amene amadzitcha wachiwiri.

Ntchito ya zilembo 30 zimenezi ndi kukopa munthu woyenera, komanso kubweza munthu wosayenera asanadine. Dzina la malo limachita zonse ziwiri nthawi imodzi. Ine ndikanalemba motere:

```
Plumber in Chileka
Plumber Chileka & Lirangwe
Borehole Pump to Tank Piping
```

Woyambawo uli ndi zilembo 18, wachiwiri 26, wachitatu 28. Palibe wokoma kuwerenga. Koma amene walemba pa foni yake kuti akufuna pulambala ku Chileka akaona mawu ake omwewo akumubwerera amadziwa kuti wafika, ndipo wa ku Zomba amadutsa osadina. Kuti dzina la malo lisasowe pamene Google ikusakaniza mitu, pali kachizindikiro kokhomera mutu pamalo oyamba. Khomanipo mitu iwiri yoyambayo, ina yonse izisinthasintha.

Mutu wachitatuwo ndi umene umafuna kuti wolemba adziwe dera. Ku Chileka kumadutsa madzi a Blantyre Water Board ochokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo kuli malo opopera madziwo kuti akwere kupita m'tauni. Komabe m'midzi yambiri ya Blantyre anthu amadalira mijigo ndi zitsime. Amene akumanga nyumba yamakono kumeneko kawirikawiri amafuna pampu, thanki ya pamwamba, mapaipi ochoka pa thanki kulowa m'nyumba, ndi dzenje la zonyansa za m'chimbudzi. Imeneyo ndiye ntchito ya ndalama kwa pulambala wa ku Lirangwe, kuposa kusintha mpopi wodontha umene phindu lake lingathere pa kabaza. Musanalembe chilichonse mufunseni kuti ndi ntchito iti imene imamupatsa phindu akachotsa ya mayendedwe, ndipo zilembozo zipite kumeneko.

Mzere wofotokozera nawo ugwire ntchito, usakhale ndakatulo:

```
Leaking pipes, toilets, tanks. Chileka, Lunzu, Lirangwe. Transport agreed before we come.
```

Zilembo 89, kwatsala chimodzi. Chiganizo chomalizacho ena anganene kuti chikuthawitsa makasitomala. Chikuthawitsadi, koma okhawo amene akanakangana naye pa ndalama ya thiransipoti atafika kale pakhomo ndi bokosi la zipangizo. Nambala ya foni musaiike m'mawuwa, chifukwa Google salola. Ili ndi malo akeake oikapo nambala, ndipo pa foni imaoneka ngati batani loimbira. Chizindikiro chofuula nachonso sichiloledwa pa mutu. Lonjezo loti «tifika lero» ndimaliopa. Munthu mmodzi wopanda galimoto, amene mmawa ali pa ntchito ku Chileka, sangalonjeze aliyense wa ku Lirangwe kuti afika dzuwa lisanalowe, ndipo kumudzi mbiri ya munthu wosasunga mawu imayenda msanga kuposa malonda alionse.

Wina afunsa kuti kodi ku Lirangwe alipo amene amafufuza pulambala pa Google. Funsoli ndi loona. Ambiri amafunsa neba, kapena mnyamata wa pa shopu ya zitsulo, kapena pa gulu la WhatsApp la mpingo. Amene amafufuza ndi munthu wina: wogwira ntchito m'tauni amene wagula malo ku Chileka, kapena m'bale wathu wa ku Joni amene akumanga nyumba kwawo ndipo watopa kutumiza ndalama kudzera mwa achibale. N'chifukwa chake posankha dera ndi bwino kusiya `Presence or interest`, kuti uthenga ufikenso kwa amene ali kutali koma watchula dera lanulo pofufuza. Anthu otere ndi ochepa, koma poti kulipira kumabwera wina akadina, kuchepa kwawo sikuononga thumba.

Pakatha sabata ziwiri tsegulani `Search terms`, pamene pamaoneka mawu enieni amene anthu analemba asanadine. Mukapezapo ofuna ntchito ya upulambala, ofuna sukulu ya TEVETA, kapena amene mipopi yauma dera lonse ndipo akusaka nambala ya Water Board, dziwani kuti ndalama zikudontha. Pulambala sangabweretse madzi pamene mapampu a pa Walker's Ferry aima. Mawu ngati `jobs`, `course` ndi `water board` muwaike pa `Negative keywords`.

Chimene chimandiwawa ndi chinenero. Poyamba munthu angaganize kuti Chichewa sichingakwane m'malire amenewa poti mawu athu ndi aatali. «Wokonza mapaipi a madzi ku Lirangwe» ndi zilembo 35, zapitiriradi. Koma «Pulambala ku Lirangwe» ndi 21 zokha, ndipo «Wokonza mapaipi ku Chileka» ndi 26. Chichewa chikukwana. Vuto ndi loti sichili pa mndandanda wa zinenero zimene Google Ads imavomereza, moti uthenga wolembedwa m'Chichewa ukhoza kukanidwa. Ndiye mitu ya Chichewayo musaitaye. Ilembeni pa chikwangwani cha pa msika wa Lirangwe ndi pa WhatsApp ya pulambalayo, nambala ya foni ili pansi pake m'zilembo zikuluzikulu.