Nambala imene imabweza chithunzi cha dzulo

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa anthu amene ayamba kupanga zithunzi za malonda ndi makina ndi ili: dzulo kunatuluka chithunzi chokongola, lero ndalemba mawu omwewo koma kwatuluka china. Ambiri amangoti makinawa ndi a mwayi, ndipo amadina batani mobwerezabwereza mpaka usiku, kudikira kuti chadzulo chija chibwerere. Sichibwerera motero. Chimabwerera kwa munthu amene anasunga nambala imodzi yotchedwa sidi pamodzi ndi zonse zimene anaika m'mabokosi ena tsikulo.

Tiyambe ndi kumene nambalayi imagwira ntchito. Pulogalamu monga Stable Diffusion, imene inatulutsidwa mu Ogasiti 2022, siiyamba kujambula pa tsamba loyera. Imayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati mmene wailesi yakanema yakale inkaonekera mlongoti ukapanda kugwira kanthu. Kenako imayeretsa timadonthoto pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi mawu amene mwalemba, mpaka kuoneke botolo, tebulo ndi kuwala. Mu modelo ya SDXL, ya mu 2023, chithunzi cha 1024x1024 chimayamba ngati manambala 65,536 oyalidwa m'magulu anayi a 128 m'litali ndi 128 m'lifupi. Kompyuta siiwatola mwachisawawa manambalawa. Ili ndi njira yowawerengera, ndipo sidi ndi imene imaiuza poyambira. Mukaipatsa sidi yomweyo, timadontho timayalika chimodzimodzi. Ndipo popeza pamene padzakhale botolo, mbali imene kuwala kudzachokere ndi kukula kwa tebulo zimatsimikizika kwambiri m'masitepe oyambirira, sidi ndi imene imagwira kakhalidwe ka chithunzi chonse.

Tiyerekeze kuti mayi wina amapanga chiponde ndipo akufuna chithunzi choika pa chikwangwani. Akugwiritsa ntchito pulogalamu ya AUTOMATIC1111, imene ambiri amayendetsera Stable Diffusion pa kompyuta zawo. Mu bokosi lolembedwa `Seed` muli `-1`, kutanthauza kuti pulogalamu isankhe yokha nambala yatsopano nthawi iliyonse. Izi n'zabwino pamene munthu akufufuza. Atayesa kwa kanthawi, kwatuluka chimodzi chimene chawagwira mtima, ndipo pansi pake palembedwa zonga izi:

```
glass jar of peanut butter on a wooden table, soft window light
Negative prompt: text, hands
Steps: 28, Sampler: DPM++ 2M, Schedule type: Karras, CFG scale: 6, Seed: 1847302956, Size: 1024x1024, Model: sd_xl_base_1.0
```

Mizere itatuyi ndiyo chuma chawo. Akalemba 1847302956 mu bokosi la `Seed` n'kusiya zina zonse mmene zilili, pa kompyuta yomweyo, chithunzi chibwera chomwecho. Akasunga sidi yokha n'kuiwala zinazo, asunga pang'ono chabe. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa anamva kuti sidi ndiyo chinsinsi ndipo amaganiza kuti nambalayo ili ndi botolo mkati mwake. Sidi yomweyo pa modelo ina imatha kutulutsa botolo lina, pa tebulo lina.

Chimene chimakhumudwitsa kwambiri ndi kukula kwa chithunzi. Mayi aja afuna chithunzi chomwecho koma chachitali, choyenera foni, ndiye asintha kukhala 896x1152. Tsopano timadontho tayalidwa m'mizere ya 112 m'malo mwa 128, choncho manambala aja agwera m'malo ena ndipo chithunzi chasintha chonse ngakhale sidi sanaikhudze. Pulogalamuyi ili ndi mabokosi a `Resize seed from width` ndi `Resize seed from height` oyesera kusunga kakhalidwe kakale, ndipo nthawi zina amathandiza. Ine ndimaona kuti njira yosavuta ndi kusankha kukula musanayambe kufufuza. Ngati chithunzi chidzafunika m'maonekedwe awiri, pangani chachikulu chokhala ndi malo m'mbali, mudzachidule.

Palinso msampha wa zithunzi zotuluka m'gulu. Mukauza pulogalamu kuti ipange zinayi kuyambira pa sidi 1000, chachiwiri chimakhala cha 1001, chachitatu cha 1002. Munthu amakonda chachitatu koma n'kulemba 1000 m'kope. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ina, ya ComfyUI, ali ndi wawo: bokosi la `control_after_generate` likakhala pa `randomize`, nambala imene mukuiona chithunzi chitatuluka imakhala ya chithunzi chotsatira kale. Liikeni pa `fixed` mukapeza chimene mukufuna, ndipo sidi yeniyeni muitenge m'fayilo ya chithunzicho.

Nkhani ya fayiloyi njofunika kwa ife amene malonda athu ambiri amayenda pa WhatsApp. Mapulogalamu awiri onsewa amabisa zosankha zonse mkati mwa fayilo ya PNG. Mu AUTOMATIC1111 mumaika chithunzi pa tsamba la `PNG Info` ndipo mizere ija imaonekera. Mu ComfyUI mumangochikokera pa sikirini ndipo dongosolo lonse limabwerera. Koma chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba, chimapanikizidwa, chimasanduka JPEG, ndipo zobisika zija zimatayika. Mnyamata amene wakupangirani chithunzi akakutumizirani motero, kenako laputopu yake n'kufa, palibenso amene angachibweze. Muuzeni atumize ngati `Document`, ndipo mizere itatu ija ailembenso mu uthenga wapadera.

Tsopano pa kusintha pang'ono, pamene pali phindu lenileni la zonsezi. Anthu ena amaganiza kuti kuwonjezera 1 pa sidi kupereka chithunzi chofananako. Ayi. 1847302957 n'chosiyana ndi 1847302956 mofanana ndi nambala ina iliyonse, chifukwa njira yowerengera timadontho inapangidwa dala kuti manambala oyandikana asafanane. Mu AUTOMATIC1111 chida choyenera chili pansi pa kabokosi ka `Extra` pafupi ndi `Seed`. Mukakachonga pamatuluka `Variation seed` ndi `Variation strength`. Pulogalamu imapanga timadontho ta sidi ziwiri n'kutisakaniza. Pa 0 mumapeza chithunzi chanu choyamba, pa 1 timadontho tonse timachokera ku sidi yachiwiri. Mayi aja akaika 0.08, kusiya `Variation seed` pa `-1` n'kupempha zithunzi zisanu ndi zitatu, sidi yaikulu imaima pomwepo ndipo yachiwiriyo ndi imene imasintha. Botolo limakhala pamene linali, kuwala kumachokerabe kumanzere, koma mizere ya thabwa, mthunzi ndi kunyezimira kwa galasi zimasiyana. Ngati chithunzi choyamba chinali ndi chivindikiro chopendekeka, nthawi zambiri chimodzi mwa zisanu ndi zitatuzi chimakhala chowongoka. Akamakweza kupitirira 0.2, botolo limayamba kusuntha ndi kusintha thupi, ndipo cha m'ma 0.4 n'kovuta kunena kuti ndi chithunzi chomwe chija.

Njira yachiwiri ndi kugwira sidi n'kusintha liwu limodzi. M'malo mwa `wooden table` alembe `marble table`, osakhudza china chilichonse. Kawirikawiri botolo limakhala malo ake ndipo tebulo lokha limasintha, ngakhale palibe lonjezo. Akasintha mawu atatu nthawi imodzi kapena kuwatembenuza, kakhalidwe kamatha kuchoka. Lamulo langa pano ndi lotopetsa koma sindinalipezere lina: sinthani chinthu chimodzi, onani, lembani, kenako china. Mukasintha mawu, `CFG scale` ndi `Steps` pamodzi, chithunzi chikaipa simudziwa chachiipitsa.

Pa `Steps` pali kanthu koyenera kudziwa. Njira zoyeretsera timadontho, zimene mumasankha pa `Sampler`, zili m'magulu awiri. Zina, monga `Euler` ndi `DPM++ 2M`, zimangoyeretsa timadontho toyamba tija, choncho kukweza masitepe kuchoka pa 28 kufika 40 kumakupatsani chithunzi pafupifupi chomwecho. Zina, monga `Euler a`, zimathira timadontho tatsopano pa sitepe iliyonse. Nazo chithunzi chimabwereza ndithu ngati zonse zili chimodzimodzi, koma mukangosintha chiwerengero cha masitepe chivindikiro kapena botolo limasanduka. Pa ntchito ya malonda, pamene mukufuna kukonza popanda kugwedeza zonse, sankhani za gulu loyamba.

Nanga chikakana kubwerera ngakhale mwakopera zonse? Yang'anani mtundu wa kusiyanako, umakuuzani pamene pali vuto. Ngati chithunzi chasiyana kotheratu, onani sidi, kukula ndi modelo. Ngati zonsezi zili bwino, ndiye kuti timadontho tapangidwira malo ena. AUTOMATIC1111 imapangira timadontho pa GPU pokhapokha mutaiuza zina, pamene ComfyUI imapangira pa CPU, ndipo sidi imodzi siipereka zofanana m'malo awiriwa. Ngati mumagwira ntchito pa makompyuta awiri, pitani ku `Settings` ya AUTOMATIC1111, pa `Random number generator source`, musankhe CPU pa onse awiri. Chitani zimenezi musanayambe kusunga masidi, chifukwa akale onse adzatulutsa zina mukasintha. Ngati kakhalidwe n'komweko koma mitundu yazilala, kayikirani fayilo ya VAE, imene imasandutsa manambala aja kukhala chithunzi chooneka. Ngati zasiyana ndi timizere tochepa tofuna kuyang'anitsitsa, umenewo ndi mwambo wa zofulumizitsa monga `xformers` kapena wa makhadi osiyana, ndipo wogula chiponde sadzaona. Za Midjourney ndingonena mwachidule: imalandira `--seed` kuyambira 0 mpaka 4294967295, koma makinawo si anu, choncho lembaninso nambala ya mtundu wa modelo pa `--v` ndipo musadalire kuti chithunzi cha chaka chino chidzabwereranso chaka chamawa.

Chomaliza ndi chimene sidi singathe, ndipo apa ndimatsutsana ndi anyamata ena opanga zikwangwani. Botolo la m'chithunzi chija si botolo la mayi aja. Makina alipeka, lili ndi khosi lake ndi chivindikiro chake, ndipo mukawapempha lebulo, modelo ngati SDXL kawirikawiri imalemba zilembo zopotoka. Kugwira sidi kumabweza botolo lopekedwalo mokhulupirika, basi. Wogula amene waona galasi lonyezimira n'kulandira botolo lapulasitiki ali ndi chifukwa chodandaulira. Njira yoona ndi kujambula botolo lenileni ndi foni, pafupi ndi zenera, n'kuika chithunzicho pa tsamba la `Inpaint` mu AUTOMATIC1111. Pakani botololo, musankhe `Inpaint not masked`, kuti makina apange tebulo ndi khoma lokha, katundu asamukhudze. Pamenepo sidi imagwira ntchito imene imaitha: mukajambula chiponde chaching'ono, chachikulu ndi uchi mutaima malo amodzi, sidi ndi zosankha zomwezo zimapangitsa kuti kumbuyo kwa zithunzi zitatuzo kufanane, ngati katundu wa sitolo imodzi. Onetsetsani m'mphepete mwa botolo ndi mthunzi wake, chifukwa ndi mmene chinyengo chimaonekera.

Ndiye inu amene mumalipira munthu kuti akupangireni zithunzi, musalandire chithunzi chokha. Funsani fayilo yoyambirira ya PNG ndi mizere yake yonse, ndipo mumuuze abwereze chithunzicho inu mukuona musanapereke ndalama yotsala.