Sambani m'manja kaye musanaloze chala kamakina ka shuga

Anzanga, ambirife ndife timathandiza agogo kapena amalume kuyeza shuga pakhomo. Nambala ikakwera mosayembekezereka, timathamangira kunena kuti kamakina kafa, kapena kuti wodwalayo wadya zoletsedwa mobisa. Ine ndikuti tiyambe tafunsa kuti chala chija chinagwira chiyani.

Kamakinako sikadziwa komwe shuga wachokera. Pa kapepala kamene timadonthezera magazi pali mankhwala otchedwa enzaimu. Akakumana ndi gulukosi, yemwe ndi shuga wa m'magazi, amatulutsa timphamvu ta magetsi, ndipo kamakina kamasandutsa timphamvuto kukhala nambala. Gulukosi wa m'chipatso ndi wa m'magazi ndi mmodzi yemweyo.

Tiwerengere limodzi ngati tili m'kalasi ya masamu. Kamakina kakalemba 100 mg/dL, ndiye kuti mu lita imodzi ya magazi muli galamu imodzi yokha ya gulukosi. Kilogalamu ya nthochi zakupsa ili ndi magalamu pafupifupi 50. Tiyerekeze kuti agogo asenda nthochi, kenaka mwawabaya chala chomwecho. Ngati m'kadontho ka magazi gawo limodzi mwa magawo 50 ndi nthochi, gulukosi wawirikiza. Nambala ya 100 ija yasanduka 200, pomwe m'thupi simunasinthe kanthu. Mango ndi malalanje amachitanso zomwezo, olo madzi ake atauma kale pachala.

Mafuta odzola nkhani yake ndi ina. Ambiri alibe shuga, koma aja oyeretsa khungu okhala ndi hayidirokwinoni ndi ovuta. Pa timapepala tina, mankhwalawa amatulutsa okha timphamvu ta magetsi tija, kamakina n'kuyesa kuti ndi gulukosi.

Wina anena kuti, "Aaa, si nambala chabe?" Ayi ndithu. Munthu wobaya insulini akaona 200 wabodza, atha kuwonjezera mankhwala, shuga n'kutsika mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka. Mwinanso shuga watsika kale, koma nambala yabodzayo n'kumubisira.

Ena amadalira kathonje ka sipiriti, koma sipiriti sachotsa bwino shuga wa zipatso. Sopo ndi madzi ndiye zenizeni, ndipo kapu imodzi ikwana. Mukatero pukutani chala chiume, chifukwa madzi otsalira amasungunula magazi, nambala n'kutsika monama. Madzi akasowa, pukutani dontho loyamba muyeze lachiwiri osafinya chala mwamphamvu, ngakhale kuti pa chala chogwira chipatso njirayi siifika pa kusamba.

Zoona, timapepala n'todula, ndiye kuyezanso kumawawa. N'chifukwa chake kusamba kuzibwera poyamba. Nambala ikadabwitsa, sambani, pukutani, yezaninso. Ikatsika kwambiri, vuto linali pachala. Ikakhala pomwepo, ikhulupirireni ndipo tsatirani zimene a kuchipatala anakuuzani.