Mphindi Imodzi Inene Chinthu Chimodzi: Pempho pa Kanema Wophunzitsa Kusamba M'manja

Abale ndi alongo, makolo, mafumu, alangizi a zaumoyo ndi nonse amene muli ndi luso lojambula, ife gulu la nzika zimene zikudera nkhawa umoyo wa ana m'midzi tikubwera kwa inu ndi mawu amene talemba a kanema wa katuni wa mphindi imodzi. Kanemayu ndi wa mabanja akumudzi amene ali ndi ana osafika zaka zisanu. Tikupempha kuti mawuwa muwaunike, muwakonze, ndipo kanemayo akatuluka mumufalitse. Koma tisanapemphe zimenezi, tiyenera kufotokoza chifukwa chake tasankha kuti mphindi yonseyo inene chinthu chimodzi chokha, chakuti dzanja limene lachotsa chimbudzi cha mwana lisagwire chakudya lisanasambe ndi sopo pa madzi othira.

Uthenga wambiri wa kusamba m'manja umene timaumva umatchula nthawi zisanu: pochokera kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndiponso musanadyetse mwana. Zonsezi ndi zoona, koma mphindi ili ndi masekondi 60 okha, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali. Munthu wolankhula modekha, kuti agogo akhale akumva, sangapitirire mawu pafupifupi 100 pa mphindi imodzi. Mukathira nthawi zisanu zija m'kanema, ndiye kuwonjezera kolera, kamwazi ndi mayina a mabungwe othandiza, woonera amatsala ndi zimene ankadziwa kale, zoti kusamba m'manja n'kwabwino. Vuto la m'midzi mwathu silinakhalepo kusadziwa zimenezo. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo pa nthawiyo panalibe wailesi imene sinanene za sopo. Chimene chimasowa ndi kulumikiza sopoyo ndi kanthawi kenikeni pa tsiku la mayi, kanthawi kamene manja ali otanganidwa ndipo mwana akulira.

Kanthawi kamene tasankha ndi kamene anthu ambiri sakaona ngati koopsa. Pakati pathu pali maganizo akuti chimbudzi cha khanda n'chosavulaza, poti mwanayo amangoyamwa ndi kudya phala. Palinso chizolowezi chonena kuti mwana akutsekula m'mimba chifukwa akumera mano, ndipo nkhani imathera pomwepo. Zoona zake n'zakuti chimbudzi cha mwana chimanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba monga cha wamkulu, ndipo chimagwiridwa ndi manja kangapo pa tsiku, pamene cha wamkulu chimathera m'dzenje. Mayi akapukuta mwana, n'kutsukuluza manja ndi madzi okha, n'kutenga mbale ya phala, tizilombo tija tayenda ulendo waufupi kwambiri, kuchoka pa thewera kufika m'kamwa. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akaphatikizidwa amasonyeza kuti kulimbikitsa kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati tili ndi mphindi imodzi yokha, tiiponye pamene njira ya tizilombo ili yachidule chotere.

Mawu a kanemayo tawayala motere. M'masekondi 10 oyambirira tikuona khonde la nyumba ya zidina, nkhuku zikutolatola pabwalo, mayi akusintha thewera la mwana wa miyezi isanu ndi itatu, mphika wa phala uli pamafuwa. Wofotokoza akuti: "Mwana wachita chimbudzi. Amayi amupukuta bwino, ndipo phala lapsa." M'masekondi 10 otsatira mayi akuyang'ana m'manja mwake, mukuoneka moyera, koma chithunzi chikuyandikira mpaka tikuona timadontho tobiriwira tikuyendayenda pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Mawu ake ndi akuti: "M'manja mukuoneka moyera, koma chimbudzi cha mwana chasiya tizilombo tosaoneka ndi maso." Dzanja likulunjika ku supuni, ndipo mwana wamkulu wa zaka zisanu ndi chimodzi akufuula kuti, "Amayi, sopo!" Kuyambira sekondi ya 25 kufika ya 45 mayi ali pa mpondagiya pafupi ndi khitchini. Akuponda kamtengo, chigubu chikupendekeka, akunyowetsa manja, akupaka sopo, akupikitsa zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zamanthu ndi m'zikhadabo, ndipo timadontho tija tikutsika ndi thovu kulowa m'kadzenje ka miyala. Apa wofotokoza akungotchula malo amene dzanja likupikitsa, basi. M'masekondi 15 omaliza mayi akugwedeza manja kuti aume ndi mphepo, osapukuta pachitenje, akukhala pamphasa ndi kudyetsa mwana, bambo akudzaza madzi m'chigubu chija. Mawu otsekera ndi akuti: "Mukachotsa chimbudzi cha mwana, sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, musanagwire chakudya."

Ena amene awerenga mawuwa adzadabwa kuti tapereka masekondi 20 athunthu, gawo limodzi mwa atatu a kanema yense, ku manja amene akungopikitsana. Adzati ndi kuwononga nthawi, chithunzicho chikhoza kudulidwa. Ife tikuti chisadulidwe ngakhale pang'ono. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kupikitsa manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20, koma kunena nambalayo kwa munthu amene alibe wotchi pamkono n'kosathandiza. Akaiona nthawiyo ikudutsa pamaso pake, thupi lake limaphunzira kutalika kwake, ndipo mwana amene akuonera amayamba kutsanzira ndi timanja take. Kanema amene amasonyeza sopo kwa masekondi awiri amaphunzitsa kusamba kwa masekondi awiri, ngakhale wofotokoza atanena zina.

Pali funso loti katuni si ya ana kodi, ndipo mayi wa ana anayi angaimvere? Umboni ulipo. M'boma la Chittoor ku India, ofufuza anayesa ntchito yotchedwa SuperAmma m'midzi 14, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Pakati pa ntchitoyo panali kanema wa katuni wa mayi wakumudzi amene akulera mwana wake mwachikondi, ndipo sanatsamire pa kuopseza anthu ndi matenda koma pa chikondi cha kholo ndi kunyansidwa ndi uve. Poyamba, pa nthawi 100 zoyenera kusamba ndi sopo, anthu ankatero kamodzi kapena kawiri kokha. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, m'midzi imene munachitika ntchitoyo anafika pa 37, pamene m'midzi ina anali pa 6. Tinene mosabisa kuti kanemayo sanayende yekha, panali masewero, misonkhano ndi malonjezo a pagulu. N'chifukwa chake sitikulonjeza kuti mphindi imodzi isintha mudzi, ndipo n'chifukwa chakenso tikulemba pempholi. Ubwino wa katuni ndi wakuti imaonetsa chimene kamera singaonetse, tizilombo pa dzanja looneka loyera, ndipo imatha kusonyeza thewera lakuda popanda kuchititsa manyazi banja lenileni la munthu.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha umphawi. Sopo wakwera mtengo, ndipo kachidutswa kamene kali m'nyumba kamasungidwira kuchapa ndi kusamba m'thupi. Kukasiya panja ndi kukapereka kwa mbuzi, makoswe kapena ana. Madzi nawo amachokera kumjigo kutali, pamutu pa mayi yemweyo. Kanema amene angasonyeze mpopi wa m'nyumba ndi sopo wamadzi wa m'sitolo akhala akunyoza anthu amenewa, ndipo iwo adzaona msanga kuti uthengawo ndi wa ena. Ichi n'chifukwa chake tikuumirira pa mpondagiya, amene amangofuna chigubu cha malita asanu, mitengo itatu kapena inayi, chingwe ndi msomali wotentha wobowolera, ndipo amatulutsa madzi pang'onopang'ono moti chigubu chimodzi chimasambitsa anthu ambiri. Sopo wa m'kanemayo akhale kachidutswa kotsala kobowola pakati, komangirira pachingwe ndi kuvindikira ndi kachitini. Kumene kulibe ngakhale kameneko, ofufuza a ku Bangladesh anasonyeza kuti magalamu 30 a sopo waufa osungunula m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka amayeretsa manja ngati sopo wamtanda. Phulusa ndi loposa madzi okha pamene sopo wasoweratu, koma sitinaliike m'mawu a kanemayu, popeza umboni wa mphamvu yake pa matenda ndi wochepa poyerekeza ndi wa sopo, ndipo alangizi akhoza kulifotokoza pamaso ndi pamaso.

Mawu akuti "madzi othira" tawaika dala. Pakhomo pathu ulemu umafuna kuti beseni lizungulire, kuyambira kwa akuluakulu kutsirizira kwa ana, ndiye kuti wamng'ono kwambiri, amenenso ali wofooka kwambiri, amasamba m'madzi amene atsuka manja a banja lonse. Sitikunena kuti ulemuwo uthe. Mwana akhoza kugwada monga kale, beseni lili pansi, iye akuthira madzi ndi kapu kapena jagi pa manja a agogo. Mwambo watsala, madzi okha ndiwo asiya kubwerezedwa. Tinafuna kuika chithunzi chimenechi m'kanema, koma chikanaswa lamulo lathu lomwe la chinthu chimodzi, choncho chidikire kanema wachiwiri.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi kapena wailesi yakanema. Choncho mawuwa tawalemba kuti amveke ngakhale chithunzi palibe, kuti wailesi za m'madera zithe kuwaulutsa, ndipo sitinaike zilembo zoti munthu awerenge. Kanemayo akhale wopepuka woti n'kutumizirana pafoni popanda kudya ndalama zambiri, ndipo aonetsedwe kusikelo ya ana, m'magulu a amayi, kusukulu za mkombaphala ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika.

Pempho lathu ndi ili. Amayi, abambo ndi agogo amene mumalera ana, mvetserani mawuwa wina akuwerenga, ndipo pakapita tsiku mutiuze chimene mwakumbukira. Ngati simukutchula thewera, sopo ndi phala, mawuwo alephera ndipo tiwalembanso. Alangizi a zaumoyo, onani ngati pali polakwika. Olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe, tithandizeni kuwanena m'zilankhulo zanu popanda kuwonjezera uthenga wachiwiri. Ojambula, jambulani khonde lenileni la kwanu, osati nyumba ya m'tauni. Mafumu, lolani kanemayu aonetsedwe pabwalo, ndipo tsiku lomwelo pamangidwe mpondagiya mmodzi anthu akuona. Tsiku lokumbukira kusamba m'manja padziko lonse ndi 15 Okutobala, mvula isanagwe ndi kubweretsa nyengo ya matenda otsekula m'mimba. Tikupempha kuti pofika tsikulo kanemayu akhale ali m'mafoni a m'mudzi mwanu.